Osewera ena akudumphadumpha pa sikirini, ndithandizeni

Wa ku Kapata: Akuluakulu, ndikupanga masewera a mpira a anthu anayi pa Unity, ndipo kwa miyezi itatu ndakhala ndikugwira ntchitoyi usiku chifukwa masana magetsi sakhalapo, komanso msuweni wanga amene analonjeza kujambula osewera anangosowa. Wosewera wanga amathamanga bwinobwino, koma anzake amaima pang'ono kenaka n'kudumphira kutsogolo ngati achule. Kodi ndalakwitsa pati?

aTembo: Achimwene, vuto ndi netiweki basi. Ine ku Katete ndinkachita kukwera pachulu kuti uthenga upite.

Wa ku Kapata: Tonse timakhala m'chipinda chimodzi, pa rauta imodzi.

aTembo: Ndiye ikani `Vector3.Lerp` kuti wosewera azilondola malo amene afika kumene. Ndanena kale kambirimbiri m'gulu muno, koma achinyamata simumva.

Mayi Zulu: ATembo, njira yanuyo imabisa kudumpha, koma wosewera amafulumira uthenga ukangofika n'kumachedwa akamayandikira malowo, choncho liwiro lake silikhazikika. Achimwene, simunatiuze chinthu chachikulu: seva yanu imatumiza malo a osewera kangati pa sekondi? Tiyerekeze kuti ndi ka 20, kutanthauza uthenga umodzi pa mamilisekondi 50 alionse, pamene sikirini ikujambula ka 60. Wosewera amaima pamalo amodzi kwa zithunzi zitatu, pa chachinayi n'kudumpha.

Mankhwala ake ndi intapoleshoni. Uthenga uliwonse uzibwera ndi nthawi ya seva, muziusunga pamndandanda, ndipo osewera ena muziwaonetsa monga analili mamilisekondi 100 apitawo, kuti nthawi zonse mukhale ndi mauthenga awiri odziwika, wina kumbuyo wina kutsogolo.

```
t = (float)(renderTime - a.time) / (float)(b.time - a.time);
pos = Vector3.Lerp(a.pos, b.pos, t);
```

Ngati pa mamilisekondi 1000 wosewera anali pa mita 10, pa 1050 ali pa mita 12, ndipo tsopano ndi 1120, mukujambula nthawi ya 1020. `t` ndi 0.4, choncho wosewera aoneke pa mita 10.8. Mamilisekondi 100 amenewo ndi mauthenga awiri, kotero umodzi ukatayika panjira mumakhalabe ndi wotsatira wake. Wosewera wanu yekha musamuchedwetse.

aTembo: Mayi, munthu akudandaula za kuchedwa, inu mukumuwonjezera kuchedwa kwina! Angolosera kumene wosewera akupita.

Mayi Zulu: Kulosera kumalephera munthu akakhota mwadzidzidzi, ndipo mu mpira amakhota kawirikawiri: amapitirira, kenaka n'kukokedwa kubwerera. Ngakhale injini ya Source ya Valve imachedwetsa ndi `cl_interp 0.1`, ndipo imalosera pokhapokha mauthenga akasowa.

aBanda: Anga anatero foni itatentha. Chepetsani mithunzi.

aTembo: Nanga polimbirana mpira, amene akuona mnzake mochedwa saluza? Zimenezo mwazisiya.

Wa ku Kapata: Ndaona tsopano, ndimatumiza ka 10 pa sekondi ndipo nthawi sindiikamo. Kodi mamilisekondi 100 akwanabe, kapena ndiike 200?