Ndemanga yanga ikungobwereza chimangirizo chomwe ndinalemba, ndithandizeni

Mwanasukulu wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndathedwa nzeru ndi ntchito ya m'kalasi la zolembalemba. Tinalemba chimangirizo cha mawu 1500 chounika nkhani yaifupi, ndipo tsopano aphunzitsi akufuna ndemanga ya mawu 500 yofotokoza chifukwa chomwe tinalembera chimangirizocho momwe tinachilembera. Akuti tifotokoze zisankho zathu.

Nkhani yomwe ndinaunika imakambidwa ndi kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi. Amayi ake akukonzekera kuchoka pabanja, koma iye sakudziwa. Akuona amayiwo akuchapa zovala zonse tsiku limodzi, akumuphunzitsa kuluka tsitsi la mng'ono wake, akubweza zinthu zomwe anabwereka, ndipo iye akuganiza kuti kukubwera alendo. Mfundo yanga m'chimangirizo inali yoti mwanayu sanama paliponse, koma sitingadalire kamvedwe kake, ndipo chisoni cha nkhaniyi chimabwera chifukwa wowerenga amazindikira msanga kuposa wokamba.

Ndalemba ndemangayo kawiri. Ulendo woyamba aphunzitsi analemba m'mbali kuti ndangofupikitsa chimangirizo. Ulendo wachiwiri ndinalemba za momwe ndinavutikira, kuti ndinawerenga nkhaniyo kanayi, kuti inandikhudza mtima, ndiye akuti zimenezo si zisankho. Nanga chisankho n'chiyani? Funso lina lomwe likundisowetsa mtendere ndi ili: zina ndinangozilemba osaganizira, kodi ndipeke zifukwa? Komanso ndikavomera kuti ndime ina ndi yofooka, sindidzichotsera ndekha malikisi?

Wokonda nkhani:
Achemwali, ine ndikuona kuti mfundo yaikulu mwaiphonya. Nkhani zoterezi zimakamba za kuzunzika kwa amayi m'banja. Mukanalemba za chomwe chinawachotsa amayiwo, osati za mwana. Kodi bambo ake anali munthu wotani?

Mwanasukulu wofunsa:
Zikomo achimwene, koma chimangirizo ndinapereka kale, sichisinthikanso. Chomwe chatsala ndi ndemanga. Ndipo bamboyo amatchulidwa kawiri kokha m'nkhani yonse.

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, ntchito zoterezi ndachongapo zambiri, ndipo zolakwika ziwiri zomwe wachitazo ndi zomwe pafupifupi aliyense amayamba nazo. Chimangirizo chimayang'ana nkhani. Ndemanga imayang'ana chimangirizo. Ukaona kuti chiganizo chako chikuyamba ndi "mwanayu" kapena "mlembi wa nkhaniyi", wabwerera ku ntchito yakale. Ukaona kuti chikuyamba ndi "ndinamva" kapena "zinandivuta" ndi kuthera pomwepo, ukulemba za moyo wako.

Chisankho chimakhalapo pomwe panali njira ziwiri, iwe n'kutenga imodzi. Ndiye njira yomwe unaisiyayo iyenera kuoneka m'ndemanga, apo ayi wowerenga sangadziwe kuti unasankha kanthu. Chiganizo choti "ndinagawa chimangirizo m'ndime zisanu" chilibe kanthu, chifukwa aliyense atha kuwerenga ndimezo yekha. Koma ukanena kuti poyamba unatsata nkhani kuyambira kumayambiriro mpaka kumathero, kenako unasiya njirayo chifukwa chakutichakuti, pamenepo wandiuza chomwe sindikanachiona pa pepala.

Kodi zolemba zako zoyamba udakali nazo? Ziike pambali pa zomwe unapereka, ulembe paliponse pomwe zikusiyana. Tiuze zitatu kapena zinayi zomwe wapeza.

Mwanasukulu wofunsa:
Ndili nazo aphunzitsi. Ndayerekeza ndipo ndapeza izi. Poyamba ndinatsatadi nkhani monga momwe inachitikira, monga mwanenamo, koma pomaliza ndinamanga chimangirizo pa malo atatu pomwe mwanayo akumva molakwika: kuchapa, kuluka tsitsi ndi kubweza zobwereka. Ndinachotsanso ndime ya mawu pafupifupi 200 yokamba za chitseko, chomwe chimatchulidwa kasanu m'nkhanimo. Komanso paliponse pomwe ndinalemba kuti "mlembi akufuna kutiuza" ndinasintha n'kulemba kuti "nkhaniyi ikuonetsa". China n'choti poyamba ndinakopera ndime yonse ya m'nkhani, koma pomaliza ndinangotenga timawu tochepa.

Mphunzitsi wopuma:
Basi, ndemanga yako ndi imeneyo, ndipo zachuluka kale. Pa mawu 500 tenga zitatu, chilichonse uchipatse mawu ngati 140, otsalawo akhale a chiyambi chachidule chotikumbutsa mfundo yako. Tiyeni tione choyambacho. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi, koma uike zifukwa zako zenizeni ngati izi si zako:

"M'zolemba zanga zoyamba ndinatsata nkhani kuyambira kumayambiriro. Nditawerenganso ndinaona kuti ndime zitatu zoyambirira zinkangokamba zomwe zinachitika, ndipo mfundo yanga inayamba kuoneka pa tsamba lachiwiri. Ndinamanganso chimangirizocho pa malo atatu pomwe wokamba nkhani akumva molakwika, kuti ndime iliyonse iike zomwe mwanayo akuganiza pafupi ndi zomwe wowerenga akuzindikira. Kuluka tsitsi ndinakuika pomaliza, ngakhale m'nkhani kumabwera pakati, chifukwa ndi pomwe kusiyana kumeneku kwakula kwambiri. Chomwe ndinataya n'choti wowerenga yemwe sanawerengepo nkhaniyi angasokonezeke ndi nthawi ya zochitika."

Taona zomwe zili m'ndime imeneyi. Muli zomwe unachita poyamba, vuto lomwe unaliona ndi malo ake enieni, zomwe unasintha, chomwe kusinthako kukuchitira wowerenga, ndi mtengo wake. Za kuluka tsitsizo ndangoganizira, sindikudziwa ngati unakuikadi pomaliza. Koma mawu ngati "tsamba lachiwiri" kapena "ndime yachinayi" usawasiye, chifukwa wochonga amafuna kutsegula chimangirizo n'kupeza chomwe ukunenacho.

Wa chaka chachitatu:
Zonse aphunzitsi anenazi n'zoona, kupatula chiganizo chomalizacho chokamba zomwe unataya. Chichotse. Wochonga ali ndi mapepala ambiri, zofooka zina saziona. Iwe ukamulozera wekha kuti apa pasokoneza, abwerera n'kukachotsa malikisi. Ine ndimangoteteza zomwe ndinalemba basi, ndipo ndime iliyonse ya chimangirizo ndimaipatsa chiganizo chake m'ndemanga kuti pasasowe kanthu.

Mphunzitsi wopuma:
Pa kuteteza muli ndi mbali yabwino, chifukwa ndemanga yongopepesa paliponse imatopetsa, ndipo imaonetsa ngati wolembayo sakhulupirira mfundo yake. Koma kunena chomwe unataya n'kosiyana ndi kupepesa. "Chimangirizo changa n'chofooka" ndi kudzinyoza kopanda umboni. "Ndinadziwa kuti njira iyi isokoneza nthawi ya zochitika, komabe ndinaisankha chifukwa mfundo imaoneka msanga" ndi mawu a munthu amene anayeza zinthu. Za kupatsa ndime iliyonse chiganizo chake ndikukana. Njira imeneyo ndi yomwe imabala chidule chomwe mwanayu anakanidwa nacho kale.

Wa chaka chachitatu:
Zimatengera wochonga, aphunzitsi. Si onse amawerenga ngati inu.

Mphunzitsi wopuma:
Pamenepo sindingatsutse. N'chifukwa chake mwanayu aone pepala la malangizo: ngati chimangirizo chinachongedwa kale payokha, kapena ngati pali mawu oti aunike zofooka, nkhawa yanuyo ilibe malo. Ngati ziwirizi zikuchongedwa pamodzi ndipo malangizo sanena kanthu, afunse mwini ntchito.

Mayi wophunzira madzulo:
Ine ndiyankhepo za kupeka zifukwa, chifukwa zinandionekera. M'chimangirizo changa cha ndakatulo ndinayamba ndi funso. Choonadi n'choti ndinasowa poyambira, funsolo linangobwera. M'ndemanga ndinalemba kuti ndinachita dala pofuna kufanana ndi ndakatuloyo, yomwe imathera ndi funso. Zinamveka bwino. Tsiku lokambirana aphunzitsi anandifunsa kuti ngati ndi choncho, bwanji sindinatchulepo funso la m'ndakatulolo paliponse m'chimangirizo. Ndinangoti kukamwa yasa. Chifukwa chopeka chimaonekera pomwe sichikugwirizana ndi zina zonse za pa pepala.

Chomwe ndinaphunzirapo n'choti utha kunena zoona popanda kuoneka wosaganiza. Kulemba chinthu mwangozi n'kumodzi, koma kuchisiya pomwepo utawerenganso ndi chisankho. Ndikanangolemba kuti funsolo linabwera lokha m'zolemba zoyamba, ndipo ndinalisunga chifukwa limamuuza wowerenga msanga chomwe chimangirizo chikufufuza.

Mwanasukulu wofunsa:
Mayi, mwandimasula, chifukwa za "nkhaniyi ikuonetsa" ndinasintha chifukwa mnzanga anandiuza kuti ndikubwereza mawu amodzimodzi. Chifukwa chenicheni ndinachiona pambuyo pake: sindingadziwe zomwe mlembi ankafuna, ndipo m'nkhani yomwe wokamba ndi mwana, kunena kuti "mlembi akuti" kumasakaniza anthu awiri omwe chimangirizo changa chikuyesetsa kuwasiyanitsa. Ndilembe zonse ziwiri?

Mphunzitsi wopuma:
Lemba zonse, za mnzakoyo m'mawu ochepa, za kusiyanitsa mlembi ndi wokamba nkhani mokwanira. Chimenechi ndi chisankho chabwino kuposa momwe ukuchionera, chifukwa ndi kamawu kakang'ono komwe kakugwira mfundo yonse. Za kufupikitsa mawu okopera utha kuzisiya, pokhapokha ngati ungaloze liwu limodzi lomwe kufupikitsako kunakuthandiza kuliunika.

Ndime ya chitseko ndiyo ndikufuna kumva. Unaichotseranji?

Mwanasukulu wofunsa:
Apa ndi pomwe ndikukayika. Ndinaikonda kwambiri ndime imeneyo. Ndinaonetsa kuti chitseko chimakhala chotsegula kanayi, ndipo chimatsekedwa kamodzi kokha, m'mawa womwe amayi achoka, ndipo wotseka ndi mwanayo. Ndinaichotsa chifukwa mawu anapitirira 1500. Ndayesa kulemba chonchi:

"Mawu atapitirira malire ndinayenera kuchotsa ndime imodzi. Ndinachotsa ya chitseko chifukwa inkakamba za chizindikiro chomwe chili m'nkhani, pomwe ndime zinazo zimakamba za kamvedwe ka wokamba nkhani."

Koma polemba izi ndazindikira kuti mwina ndinalakwitsa. Mwanayo potseka chitseko mwina ndi pomwe akuyamba kuzindikira, kutanthauza kuti ndimeyo inali ya mfundo yanga yomwe, ndipo mwina inkatsutsa zomwe ndinanena m'mathero zoti iye sazindikira kanthu mpaka nkhani kutha.

Wa chaka chachitatu:
Ayi achemwali, chimenecho musachiyerekeze. Pamenepo mukugwetsa mathero anu omwe.

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikanalemba, koma m'ziganizo ziwiri zokha, ndi mawu oti "ndikuona tsopano", kuti zimveke kuti waziona pambuyo. Komanso sizikugwetsa mfundo yonse. Zoti wowerenga amazindikira msanga kuposa mwana zikadali chilili. Chomwe chikugwedezeka ndi liwu loti "mpaka kutha". Tchula liwu limenelo ndi ndime yomwe lilimo.

Mwanasukulu wofunsa:
Ndaona pepala la malangizo. Likuti ndemanga ili ndi malikisi akeake, koma silikunena ngati chimangirizo chachongedwa kale. Mawa ndikafunsa. Pakadali pano ndalemba ndime ya chitseko m'njira ziwiri, ina yovomera, ina yongofotokoza kuchotsako. Yovomerayo yafika mawu 190, ndiye ndiyenera kudula kwina. Aphunzitsi, ndikadula chiyambi cha ndemanga n'kuyamba ndi chisankho choyamba, zingaoneke ngati ndadumpha?