Mwana wobadwa ndi sikelo yochepa, kodi msinkhu udzabwerera?

Amayi anzanga ndithandizeniko. Mng'ono wanga ku Katete wachira mwana wamwamuna wa makilo 2.2, miyezi inakwana bwinobwino koma mimba yonse ankangodya nsima ndi chibwabwa, mapilisi a ayironi aja ankawataya ati amamuchititsa nseru. Anesi akuti mwana wosafika 2.5 amakhala pachiopsezo chopinimbira, ndiye akafika zaka ziwiri ali wamfupi kubweza kumavuta. Ine mantha, ngakhale kwathu ndife aatali tonse.

Pano akuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6, phala ayi. Nanga mayiyo tizimupatsa chani, nsinjiro, kapenta, mazira zikwanira? Alipo amene wake anabadwa chonchi nkudzatalika? Pakhadi la kusikelo munayamba kuona kusintha mwezi wachingati?