Za galu wa mzere pamsana uja

"Taonani chithunzichi, kodi galu wangayu ndi wosakaniza mitundu iti?" Ndinafunsa choncho mwezi watha.

Ambiri munati ndi Rhodesian Ridgeback chifukwa cha mzere wa ubweya wotembenuka pamsana pake. Ndapita naye kwa dokotala wa ziweto kuno ku Harare, ndipo wandimasulira bwino. Mzerewu ndi chibadwa champhamvu: kholo limodzi lokha likakhala nawo, ukhoza kutsikira kwa ana mpaka zidzukulu, ngakhale magazi a mtunduwo atatsala ochepa kwambiri. Komanso mwana wa makolo awiri a mzere akhoza kubadwa wopanda mzere. Nawonso mtundu wa ubweya ndi kufupika kwa miyendo zimayendera zibadwa zochepa, zopezeka m'mitundu yambiri ya agalu. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amasiyana, wina wakuda, wina wofiirira.

Chinandikhudza n'chakuti agalu ambiri akumudzi si osakaniza ayi, ndi agalu amakolo a kuno. Ngakhale Ridgeback, yemwe maonekedwe ake anakhazikitsidwa ku Bulawayo mu 1922, mzerewo anautengera kwa agalu achikuda.

Kuyeza malovu a galu kuti adziwe mtundu wake kumathandizako, koma kumangoyerekeza ndi mitundu imene oyezawo ali nayo kale m'kaundula.