Batire la pakati pa nodi A ndi B likundisokoneza masamu

Mlangizi watsopano: Akuluakulu, thandizeni msanga, mawa ndili ndi ophunzira ndipo yankho langa likukana. Karenti sosi ya 3 A ikulowa pa A. Rezisita ya 4 Ω kuchoka pa A kupita pa giraundi, ya 6 Ω kuchoka pa B kupita pa giraundi, ya 10 Ω pakati pa A ndi B. Pakati pomwepo pali batire la 5 V, pulasi ku A, silikukhudza giraundi. Ndalemba KCL pa nodi iliyonse:

```
VA/4 + (VA - VB)/10 = 3
VB/6 + (VB - VA)/10 = 0
```

Ndikupeza VA = 9.6, VB = 3.6. Kusiyana kwake 6 V, pomwe batire ndi la 5! Ndabwereza katatu, mutu wayamba kuwawa.

Wamawaya: Achimwene, sunthani giraundi muiike pa B. VA ikhala 5 V pompo, nkhani yatha.

Mayi wa ku labu: Kuwerengera kwanu kulibe vuto, koma mwawerengera seketi yopanda batire. Mu batiremo mukudutsa karenti, ndipo simunailembe paliponse. Simungailembenso ndi lamulo la Ohm, chifukwa batire la papepala limasunga 5 V yake kaya mudutse karenti yochuluka bwanji. Ndiye jambulani mzere wozungulira A, B ndi batirelo, chikhale chinthu chimodzi, supanodi ija. Muwerenge mawaya okhawo amene akudula mzerewo: 3 A ikulowa, ziwiri zikutuluka kupita pa giraundi. Ikweshoni yachiwiri likupatsani ndi batire lomwelo.

```
VA/4 + VB/6 = 3
VA - VB = 5
```

Chulukitsani yoyambayo ndi 12, mulowetse VA = VB + 5, mupeza 5VB + 15 = 36. VB = 4.2 V, VA = 9.2 V. Pa 4 Ω pakudutsa 2.3 A, pa 6 Ω 0.7 A, zonse pamodzi 3 A.

Mlangizi watsopano: Nanga 10 Ω yapita kuti, mayi? Mwaiiwala?

Mayi wa ku labu: Ayi, miyendo yake yonse iwiri ili mkati mwa mzere. Zimene zachoka pa A zafika pa B, kunja sizinatuluke. Ngakhale muichotse, VA ndi VB sizisintha. Chimene chisinthe ndi karenti ya m'batire. Panopa 10 Ω ikutenga 0.5 A, koma B akutulutsa 0.7 A, ndiye 0.2 A yotsalayo ikudzera m'batire, kulowera ku pulasi. Batire lanulo silikupereka mphamvu, likutchajidwa ndi 1 W.

Wamawaya: Zonsezi za chiyani? Giraundi pa B, chosadziwika chimodzi, mupeza giraundi yakale ili pa -4.2 V. Yankho lomwelo.

Mayi wa ku labu: Apa zikutheka, sindikukana. Koma mabatire oyandama akakhala awiri osakhudzana, giraundi yanu imodziyo mudzaiika pa liti?

Mkulu wa mainivheta: Ine mawu oti sunthani giraundi amandiopsa. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito anamva zomwezo, nkukatenga kachingwe ka giraundi ka osilosikopu kukamana nako pa batire loyandama. Kachingwe kameneka kamalumikizana ndi ethi ya pasoketi. Tinangomva thwa, pulasitiki yake nkusungunuka, fungo ofesi yonse. Pa seketi yanuyi, ngati giraundi ili pa ethi, kumana pa B ndi kupha 6 Ω: VA igwera pa 5 V, m'batire mudutsa 1.25 A m'malo mwa 0.2 A. Muwachenjeze anawo, pimani ndi malitimita ya m'manja.

Wamawaya: Bambo, ine ndikunena za papepala. Papepala giraundi imasuntha, ndachita zimenezi zaka zambiri.

Wa pasaiti: Koma akadakhala ine ndikanayamba ndapima batirelo. Mabatire ambiri amalembedwa china, kupereka china. Mwina 6 V yo ndi yoona.

Mlangizi watsopano: Palibe batire lenileni abwana, ndi funso la pa bolodi.

Mayi wa ku labu: Chinanso musanakalembe mawa, samalani pulasi ndi mainasi. Wophunzira akatembenuza nkulemba VB - VA = 5 apeza VA = 5.2, VB = 10.2. Akayesa, 1.3 A ndi 1.7 A zipanganso 3 A ndendende, iye nkumasangalala kuti wakhoza. KCL siigwira cholakwa chimenechi, muyenera kubwerera pa chojambula kukaona mbali imene kuli pulasi. Ndipo asalembe VA = VB poganiza kuti supanodi ndi nodi imodzi, ambiri amagwera pamenepo.

Wamawaya: Mukanaika giraundi pa B zotembenukazi sizikanachitika.

Mkulu wa mainivheta: Zikanachitika, akanalemba -5 V. Koma ndifunse nawo, alipo amene akudziwa kogula zingwe za osilosikopu zolimba? Zathu zatsala ziwiri.