Ovataimu tiyambire pa 45 kapena pa 48?

Chisomo: Akuluakulu ndithandizeni ndisanatseke malipiro Lachisanu. Ndili ndi bambo wina wa mufakitale kuno ku Thyolo, kontirakiti yake imati maola 45 pa sabata, malipiro K195,000 pa mwezi. Sabata yatha tiyi anachuluka ndi mvulayi ndiye anagwira maola 57, mwa amenewo 6 ndi a Lamulungu. Ine ndachotsa 48 pa 57 kwatsala 9, ndamuikira K13,500 koma bamboyo wabwera ndi kapepala kake kolemba pensulo akuti ndamubera.

Bambo Makwinja: Mwakhoza pamenepo, lamulo limati 48, zapamwamba pake ndiye ovataimu. Musaope.

Mayi Nasiyaya: Ayi achimwene, 48 ilipodi mu lamulo la ntchito la 2000 koma ndi malire oti bwana asapyole polemba kontirakiti, si poyambira ovataimu wa aliyense. Lamulolo limayang'ana maola amene munthu amagwira mwa masiku onse, ndiye ngati munasainirana 45 ola la 46 ndi ovataimu kale. Chinanso Chisomo mwanawe, wasakaniza Lamulungu ndi masiku enawo mumphika umodzi. Tsiku la ntchito ndi kamodzi ndi theka, koma tsiku lake lopuma kapena holide ya boma ndi kawiri.

Chisomo: Ndiye ndipange bwanji mayi

Mayi Nasiyaya: Peza kaye ola limodzi. 45 kuchulukitsa ndi masabata 52 kugawa ndi miyezi 12 ndi maola 195 pa mwezi, ndiye ola lake ndi K1,000. Patula Lamulungu lija, kwatsala 51, kuchotsa 45 ndi maola 6 pa K1,500, ndi K9,000. A Lamulungu 6 pa K2,000 ndi K12,000. Zonse K21,000. Bamboyo sakunama, akusowa K7,500, ndipo ndi ndalama imeneyo kwa munthu wa ana pakhomo.

Yohane: Kwathu ku Mulanje otchola tiyi timawerengera makilo, ndiye iwowo ovataimu wawo ukhala bwanji?

Mayi Nasiyaya: Imeneyo ndi nkhani ina a Yohane, uyu ndi wa pamwezi.

Bambo Makwinja: Chabwino za 45 ndavomera. Koma ife timagawa ndi masiku 26 kenako maola 8, ndi 208, ola likubwera K937.50, takhala tikutero zaka zonsezi palibe anadandaulapo.

Mayi Nasiyaya: 208 ndi ya munthu wa maola 48, mukaigwiritsa pa wa 45 mukumutsitsira mtengo wa ola mwakachetechete. Ine sindingatero.

Bambo Makwinja: Ndikafunsa ku leba ofesi pa boma, chifukwa ngati ndi choncho ndili ndi anthu ambiri oti ndiwaonenso.

Chisomo: Ndaona m'buku la kapitawo, Lamulungu ndi tsiku lake lopumadi. Ndikukonza peyisilipu panopa, vuto ndi kukawafotokozera abwana mawa m'mawa.