Ndalama ya mjigo ija, tilipire kapena ayi?

Tcheya: Mwaswera bwanji nonse. A kontilakitala okumba mjigo aja aimbanso, akufuna K1,800,000 yotsala pa K6,000,000 ija. Akuti lipoti anapereka kale mwezi wa 5, ife tikungokhalira ndalama yawo.

Make Chisomo: Ndalama yake iti? Bwerani 6 koloko mmawa mudzaone, zigubu 30 zikangodzadza chogwirira chimapepuka, madzi kumangotuluka motsokomola ndi mphepo, timakhala pansi kudikira ngati mphindi 20 kuti abwerere. Mjigo ndi wouma uwu, anatidyera

Anaphiri msungichuma: Lipoti lili ndi ine. Alemba kuti anakumba mamita 45, madzi anawapeza pa 24 ndi pa 36, akadekha amaima pa mamita 9. Kenako pali manambala awiri, pena malita 1.2 pa sekondi pena 0.5, apa ndiye sindikumvapo. Paja iyi ndi masheya a anthu, Disembala tikugawana, sinditulutsa chisawawa ine

Achimwene a ku Joni: 1.2 ndi madzi ambiri amenewo, kuno abwana anga ali ndi ochepa kuposa pamenepo koma amathirira kapinga tsiku lonse. Lipirani anthu musachititse manyazi gulu

Bambo a Yamikani: Achimwene dikirani. Ine mijigo ndimakonza. 1.2 ija ndi ya tsiku lokumba, akamapemerera ndi kompuresa madzi nkumathovoka aja, imeneyo ndi yongoyerekeza ndipo kawirikawiri imakoma kuposa zenizeni. Yodalirika ndi 0.5 chifukwa anaikamo pampu nkupopa mosalekeza. Anaphiri taonani, anapopa maola angati ndipo madzi anatsika kufika pati?

Anaphiri msungichuma: Maola 4, anatsika kuchoka pa 9 kufika pa 27. Atazimitsa, pa ola limodzi anakwera kufika pa 11

Bambo a Yamikani: Ndiye chitsime sichouma mayi. Mjigo wa Afridev umangofuna 0.25, ndiye kuti chigubu cha malita 20 kudzadza pa masekondi 80, apa tili ndi kawiri kake, komanso kubwerera kwakeko nkwabwino. Silinda, ija imakoka madzi pansi, alemba kuti ili pati?

Anaphiri msungichuma: Pa mamita 30

Bambo a Yamikani: Ehee. Sabata yatha posintha labala ndinazula marodi onse, analipo 7. Rodi imodzi ndi mamita atatu, ndiye silinda ili pa 21 osati 30, marodi atatu ndi mapaipi atatu sanaikemo. Anayeza mu Epulo mvula itangotha, pano ndi Okutobala madzi atsika okha, mukapopa mondondozana amatsika kupitirira silinda nkuyamba kukoka mphepo. Mukapumira amakweranso, nzomwe akunena make Chisomozo

Make Chisomo: Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi bambo inu

Bambo a Yamikani: Lipotilo ndinali ndisanalione, ndimayesa ndi mmene anapangira

Agogo aakazi: Ine yanga ndi ya ngongole ija ndinapempha ya feteleza, imeneyi ikutuluka liti

Tcheya: Agogo imeneyo Lachisanu. Koma abale vuto ndi loti pepala lolandirira mjigo ndinasaina kale tsiku lija kunali amfumu. Likuti talandira mjigo ukugwira ntchito, sipanala ndi chokowera atisiyira, 10 peresenti tisunge miyezi 6 kuti china chikavuta abwere adzakonze mwaulere, ina yonse tipereke

Anaphiri msungichuma: Ndiye pepalalo likuti tigwire K600,000 yokha, K1,200,000 ndi yawo. Koma miyezi 6 ikutha pa 30 Novembala, tikangogona ndi 600 yomweyo adzaifuna

Make Chisomo: A tcheya munasaina osawerenga marodi? Tsiku lija munali kalikiliki ndi mpunga wa alendo tinakuonani

Tcheya: Marodi ali pansi pa nthaka ndikanawerenga bwanji, inunso munalipo mukuvina

Bambo a Yamikani: Zisakhale zokangana. Tiwalembere kalata lero, kope ipite ku ofesi ya zamadzi kwa DC, abwere ndi marodi atatu ndi mapaipi atatu, tizule limodzi tiwerenge pamaso pawo. Asatsitse kupitirira 30 mwachisawawa, aone kaye pomwe pali mapaipi ong'ambang'amba olowera madzi aja, silinda ikakhala pamenepo imakoka mchenga. Akatha tipope mmawa wonse tione. Zotsatira za kulabu za madzi zilimo mu lipotimo?

Anaphiri msungichuma: Tsamba limenelo mulibe, angolemba kuti zibwera

Achimwene a ku Joni: Apatseniko theka ya 1,200,000 kuti apeze ya mafuta obwerera, mukawauma onse sabweranso amenewo, ndimawadziwa

Make Chisomo: Olo 1 kwacha. Sheya yanga isachoke mpaka ndione marodi 10 ndi maso anga

Tcheya: Tivota Lachisanu. Akuimbanso pano, ndiwayankhe chani?

Anaphiri msungichuma: Afunseni kaye za marodizo, mumve ayankha bwanji