Gulu la banja: makina a bipi a Mayi

Achimwene aakulu: Mwadzuka bwanji nonse? Dzulo kuchipatala Mayi awapeza ndi 168/72. Tisonkhe tiwagulire makina oyezera pakhomo.

Chitsirizira: Koma 72 si yabwinobwino? Ine ndimayesa vuto ndi yapansiyo ikafika 90.

Azakhali: Alamu anu anamwino atiuze, ife timangoona manambala.

Alamu: Zikomo Azakhali. Mtima sukankha magazi mosalekeza ngati mpopi. Umafinya, kenako n'kumasuka kuti udzazenso. Ukafinya, magazi amalowa mwamphamvu m'mitsempha yochokera kumtima n'kukankha makoma ake. Kukankha kwa nthawi imeneyo ndiye nambala yapamwamba, 168. Mtima ukamasuka, mphamvu ija imatsika koma siitheratu. Pomwe yafika mtima usanafinyenso ndiye 72.

Chitsirizira: Nanga mtima ukamasuka, akukankha magaziwo ndani?

Alamu: Mitsempha yomweyo. Mtsempha waukulu umatamuka ngati chubu cha njinga. Magazi akalowa umafufuma, mtima ukamasuka umabwerera n'kuwakankhira kutsogolo. Munthu akamakalamba mtsemphawo umauma ngati chubu chokhalitsa padzuwa. Sufufumanso bwino, ndiye yapamwamba imakwera. Subwereranso mwamphamvu, ndiye yapansi imatsika. Pa 120/80 manambala amasiyana ndi 40, koma kwa Mayi akusiyana ndi 96. Choncho 72 isatinamize. Yapamwamba yokha ikamakhala 140 kapena kuposa pa masiku osiyana, imeneyo ndi bipi, ndipo imatha kubweretsa sitiroko.

Malume: Ndiye awonjezere mapiritsi itsike msanga!

Alamu: Ayi Malume, zimenezo tisiyire adokotala. Mankhwala amatsitsa manambala onse awiri. Mnofu wa mtima umalandira magazi ake makamaka nthawi yomwe wamasuka, ndiye yapansi ikatsikitsitsa nawonso umavutika. Mayi akamamva chizungulire poimirira, mukanene kuchipatala.

Achimwene aakulu: Tigule otani?

Alamu: Ovala pamkono, pamwamba pa chigongono, osati apafupi ndi chikhatho. Lamba wake amafinya mtsempha mpaka magazi aime, kenako amaphwetsa mpweya pang'onopang'ono. Pomwe magazi ayambira kudutsa ndiye SYS, yapamwamba. Pomwe akudutsa osapanikizika ndiye DIA, yapansi. Nambala yachitatu, PULSE, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, musaisokoneze ndi zinazo. Muyeze kaye mkono wa Mayi ndi tepi, chifukwa lamba wothina pa mkono waukulu amakweza manambala.

Azakhali: Mkono wa achemwali anga si wamasewera. Tepi ndili nayo, ndiyeza madzulo.

Chitsirizira: Kulemba m'kope ndi kwanga, m'mawa ndi madzulo.

Alamu: Azikhala pampando wotsamira mphindi 5 kaye, mkono uli patebulo, osayankhula. Uzilemba manambala onse awiri, kope lidzapite nawo kuchipatala.

Malume: Osayankhula mphindi 5? Mlongo wangayo? Tiona.

Achimwene aakulu: Ndikafunsa mtengo kufamase mawa, tigawane. Azakhali, munditumizire muyesowo ndisananyamuke.